Musanalembe "tigaireni", onani ziganizo

Tiyerekeze kuti ophunzira a Fomu 4 akulemba kalata ku komiti ya mzikiti yopempha mabuku 20. Pocheza pamsika wa Ntaja kapena pa Ulongwe timangoti "tigaireni", koma tonse tikudziwa kuti mawu amenewa sayenera m'kalata yopita kwa akuluakulu. Nanga tiikepo mawu ati?

Ambiri timathamangira mndandanda wa mawu ofanana matanthauzo n'kupeza kupatsa, kupereka, kugawira, kubwereka ndi kukongoza. Onsewa amanena za chinthu chochoka m'manja mwa wina kupita kwa mnzake, choncho tanthauzo lokha silitisankhira. Chotithandiza ndi chiganizo cha chitsanzo. Taonani izi:

Agogo andipatsa nkhuku.
Amalume andibwereka njinga.
Wagolosale wandikongoza shuga.
Mayi agawira ana mango.

Pa chiganizo chilichonse tifunse mafunso awiri: chikuperekedwacho n'chiyani, ndipo kodi chibwerera kwa mwini wake? Nkhuku ija yapita basi. Njinga ibwerera, yomweyo osati ina. Shuga sabwerera, koma watsala ndi ngongole yofunika kulipira. Mango ndi ambiri ndipo mwana aliyense walandira gawo lake.

Tsopano tibwerere ku kalata ija. Tikalemba kuti "tikupempha mutikongoze mabuku", tadziika pa ngongole yomwe sitinaifune. Tikati "mutipatse", komiti imva kuti mabukuwo sadzabwerera, ndipo mwina ikana poganizira a Fomu 3 amene adzawafune chaka chamawa. Ngati cholinga chathu n'kuwerenga mpaka mayeso a MSCE atatha kenako n'kubweza, mawu oyenera ndi akuti "tikupempha kuti mutibwereke mabuku 20".

Chiganizo chimatiphunzitsanso mawu oyenda nawo limodzi. Timati "ndapatsa aphunzitsi buku", koma "ndapereka buku kwa aphunzitsi". Amene wangochotsa "kupatsa" n'kuikapo "kupereka" osasintha china alemba kuti "ndapereka aphunzitsi buku", ndipo zamveka ngati wapereka aphunzitsiwo.

Chitsanzo chimodzi sichikwanira. Mawu akuti kubwereka amayenda mbali ziwiri: "ndabwereka khasu kwa amalume" ndi "amalume andibwereka khasu". Woona chiganizo chimodzi chokha adziwa theka la mawuwo. Tizifuna ziganizo zitatu, kaya mu Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba, m'mabuku athu a Chichewa, kapena m'nyuzipepala.

Tikasankha, tiike mawuwo m'chiganizo chathu n'kuwerengera munthu wamkulu mokweza, kenako timufunse kuti: "Kodi mwamva kuti mabukuwa abwerera?" Makolo, funso limeneli mungathe kuliyankha ngakhale kunyumba mumalankhula Chiyao. Yankho lanu likasiyana ndi zomwe mwana amafuna kunena, mawuwo asinthidwe kalata isanatumizidwe.