Firiji ikamangothiridwa gasi, pemphani ina

Mlamu wanga amagulitsa mafilizi ndi thobwa lozizira pafupi ndi sukulu ina ku Chilomoni. Adagula firiji yatsopano mu Ogasiti, ya walanti ya chaka chimodzi. Pofika mu Okutobala, dzuwa lili phwee, mafilizi adasiya kuuma. A kusitolo adatumiza mmisiri wawo, adathira gasi, firiji n'kudzuka. Patangotha masabata asanu, vuto lomwe lija lidabwerera. Adathiranso. Kachitatu kadafika Khirisimasi isanakwane, thobwa la ndowa yonse litasasa.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti gasi wa m'firiji satha ngati mafuta a galimoto. Amangozungulira m'timapaipi totsekedwa, ndipo firiji yabwino imatha zaka zambirimbiri osawonjezeredwa. Akatha, ndiye kuti penapake pabooka. Bowolo likakhala panja, monga polumikizira paipi pafupi ndi kompulesa, mmisiri amaliona chifukwa pamakhala timafuta tonyowa, kapena akapakapo sopo pamatuluka thovu. Amawotcherera, nkhani n'kutha. Koma paipi ina imadutsa m'kati mwa khoma la firiji, mokutidwa ndi zotchingira kutentha, ndipo kumeneko safikako popanda kung'amba firijiyo. Kuthira gasi pamenepo kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Zizindikiro zake n'zosabisika: kompulesa imangolira osapuma, ayisi amagwira kangodya kamodzi kokha, kwina konseko kuli mbee.

Ichi ndicho chifukwa chenicheni chopemphera firiji ina. Wogulitsa sangasunthike chifukwa choti mwatopa, koma mukamuonetsa kuti kukonzako sikukufika pagwero la vuto, amasowa poyankha.

Mlamu adapulumukira pa kope lake la ngongole za makasitomala. Kumapeto kwake ankalembako tsiku limene firiji yasiya kuzizira, tsiku limene mmisiri wabwera, ndi zimene wachita. Ulendo wachiwiri adamuumiriza mmisiriyo kuti alembe yekha papepala zimene wapeza, n'kusainira. Adalemba kuti gasi watha, bowo silikuoneka. Mawu ochepawo ndiwo adagwira ntchito kuposa kukalipa konse.

Kachitatu adakana kuti firiji ikhudzidwenso. Adalembera kalata mkulu wa sitolo, ya tsamba limodzi: tsiku logula, nambala ya lisiti, nambala ya firiji yolembedwa pakapepala kakumbuyo, masiku atatu aja, kenako pempho limodzi lokha, lakuti am'patse firiji ina yofanana nayo pasanathe masiku 14, zikakanika am'bwezere ndalama. Adapita ndi makalata awiri, imodzi adaidinditsa n'kubwerera nayo. Lisiti lenileni sadalisiye, adapereka fotokope.

Mkuluyo adayamba ndi nyimbo yodziwika ija: "Mayi, ndi magetsi othimathimawa." Zoona, magetsi obwera mwamphamvu amaononga firiji, koma amapsereza kompulesa kapena kachipangizo koiyatsira. Sabowola paipi. Adafunsanso ngati ankakokota ayisi ndi mpeni, ndipo funso limeneli n'loyenera, pakuti mpeni umaboola paipi ndipo walanti imathera pomwepo. Kungoti bala la mpeni limaoneka ndi maso, ndipo mmisiri wawo yemwe sadalipeze.

Kuno kwathu madandaulo otere amalandiridwa ndi bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, ndipo chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa sichimuchotsera wogulitsa udindo pa katundu wobwera ndi chilema. Abale athu a ku Joni lamulo lidawayalira poyera: lamulo loteteza ogula la 2008 limati katundu akakonzedwa, vuto n'kubwereranso pasanathe miyezi itatu, wogulitsa apereke wina kapena abweze ndalama. Mlamu sadafike kubungweko, adangolitchula m'kalata.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ambiri amataya mlandu wabwino chifukwa cha changu. Firiji ikafa, malonda aima, munthu amathamangira kwa mmisiri wa pamsika kuti angothirako gasi. Mmisiriyo akangodula paipi, a kusitolo apeza pothawira: adzati waononga ndi iyeyo. Ena amangoleza mtima, kulola kukonza kachinayi, kachisanu, mpaka chaka chikwane, kenako amauzidwa kuti walanti idatha dzulo. Dziwaninso kuti pempholi limalimba pamene vuto lili lomwelo. Ngati lero ndi labala wa chitseko, mawa ndi babu, wogulitsa ali ndi chifukwa chonenera kuti akonze.

Firiji ina idabwera mu Januwale. Asanasainire, mlamu adauza anyamata oitsitsa kuti adikire, n'kupempha kuti nambala ya firiji yatsopanoyo ilembedwe papepala la walanti, pamodzi ndi tsiku lobweretsera. Adaisiya chiimire maola anayi kuti mafuta a m'kompulesa akhazikike, madzulo n'kuiyatsa.