Funso limodzi, zilankhulo zambiri

Gulu la EuroQol lili ndi mndandanda wa mafunso wotchedwa EQ-5D-5L, umene umafunsa odwala za ululu pamagawo asanu, kuyambira kusamva ululu mpaka ululu wosaneneka. Ntchito yagona pamagawo apakatiwo. Womasulira akakokomeza gawo lachitatu, odwala ambiri amathawira kugawo lachiwiri, ndipo zotsatira zimanama kuti anthu a chilankhulocho sakuvutika kwambiri.

N'chifukwa chake anthu awiri amamasulira payekhapayekha, kenako ena amene sanaone chikalata choyambirira amabwezera mawuwo ku Chingerezi. Koma zimenezo sizikwanira. Odwala enieni amapatsidwa magawowo atasokonezedwa kuti awasanje okha. Akasinthanitsa awiri, omasulira ayenera kukonzanso mawuwo mafunsowo asanapite kuchipatala.