Kasankhidwe ka Dzina la Kiliniki Kapena Famase

Dzina la kiliniki kapena famase limafika m'makutu a munthu amene ali kale ndi nkhawa. Mayi amene mwana wake watentha thupi usiku, kapena bambo amene akusaka mankhwala a shuga, samva dzinalo ngati mmene amamvera dzina la golosale kapena malo ometera tsitsi. Iye amafuna kudziwa zinthu ziwiri: ngati akamulandira bwino, ndiponso ngati anthu a pamalopo amaidziwa ntchito yawo. Dzina labwino limayankha mafunso awiriwa nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake limakhala ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi mawu okhazika mtima pansi, ndipo yachiwiri ndi mawu onena zoona za thandizo lopezeka pamalopo.

Mawu amene amaopseza mosadziwa

Palibe mwini kiliniki amene amafuna kuopseza anthu mwadala. Vuto limabwera chifukwa mawu ambiri ofatsa a Chichewa ndi omwewo amene amagwiritsidwa ntchito pa maliro. Achewa satchula imfa mwachindunji. Amati munthu watisiya, wagona, wapuma, kapena wapita kwawo, ndipo pomutsanzika amapempha kuti mzimu wake uuse mumtendere. Choncho mawu ngati mpumulo, chitonthozo, ulendo ndi bata, ngakhale ndi okoma, ali kale ndi fungo la pasiwa. Munthu akamva kuti m'bale wake amutengera ku Mpumulo, mtima umayamba wadumpha asanafunse n'komwe kuti malowo ndi otani. Mawu otere amayenera malo okhomera mabokosi a maliro, osati malo amene munthu akuyembekeza kutulukako akuyenda yekha.

Gulu lachiwiri ndi la mawu otchula nthenda, ululu kapena zida za kuchipatala. Dzina lokhala ndi mawu ngati magazi, zilonda, jakisoni kapena opaleshoni limakumbutsa wodwala chimene akuchiopa. Choposa apo, dzina lotchula nthenda limaulula chinsinsi cha aliyense wolowa pakhomopo. Ngati chikwangwani chikunena za matenda opatsirana pogonana kapena za kusabereka, munthu amayang'ana uku ndi uku asanalowe, ndipo ena amangobwerera osalandira thandizo.

Gulu lachitatu ndi la mawu olonjeza zosatheka, monga machiritso, chozizwitsa kapena thanzi lamuyaya. Mawu awa saopsa kumva, koma amachotsa ulemu wa ntchito, chifukwa amafanana ndi zolembedwa pa timapepala ta anthu otsatsa mankhwala ochiza nthenda iliyonse. Wachipatala weniweni amalonjeza kupima ndi kusamalira, salonjeza kuti aliyense achira. Tsiku limene wodwala wamwalirira pamalo otchedwa Machiritso, dzinalo limasanduka chitonzo m'kamwa mwa anthu a m'deralo.

Zimene mayina odziwika akuphunzitsa

M'Malawi muno muli malo a zaumoyo amene mayina awo anaganiziridwa mofatsa. Bungwe la Banja La Mtsogolo, limene linayamba ntchito mu 1987, limathandiza anthu pa nkhani za kulera ndi uchembere. Izi ndi nkhani zimene ambiri amachita nazo manyazi, koma dzinalo silitchula njira iliyonse yolerera. Limaloza kumene banja likufuna kukafika. Ku Salima kuli malo otchedwa Ndi Moyo, amene amasamalira odwala matenda osachiritsika monga khansa. Kumeneko imfa ili pafupi tsiku ndi tsiku, komabe dzinalo limanena za moyo umene wodwalayo akadali nawo, ndipo silinama kuti achira. Pa chipatala chachikulu cha Zomba, kiliniki ya anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV inatchedwa Tisungane, ndipo ku Blantyre kuli chipatala cholipira chotchedwa Mwaiwathu.

Mayinawa ali ndi zofanana. Satchula nthenda kapena chida, ndipo salonjeza chozizwitsa. Ena mwa iwo amalankhula ngati gulu: Tisungane akuti ife tonse, Mwaiwathu akuti mwayiwu ndi wa tonse. Kalankhulidwe kotere kamaika wodwala ndi womuthandiza mbali imodzi. Ku Lilongwe nako kuli phunziro lina. Chipatala chimene kale chinkatchedwa Bottom, dzina lochokera m'nthawi ya atsamunda limene linkamveka ngati malo a anthu apansi, lero chimatchedwa Bwaila. Komabe akuluakulu ambiri amatchulabe dzina lakalelo. Dzina likazika mizu m'kamwa mwa anthu silichoka msanga, choncho ndi bwino kulisankha molondola pa chiyambi pomwe.

Mbali yachiwiri: kunena zoona

Ukatswiri umaonekera m'mawu ofotokoza mtundu wa malowo. Kiliniki imene imapima odwala n'kuwabweza kunyumba tsiku lomwelo isadzitche chipatala chachikulu, chifukwa usiku wina anthu adzafika ndi mayi wofunika opaleshoni n'kupeza kuti palibe ngakhale bedi logonekapo wodwala. Nthawi yotayika pamenepo ingathe kutayitsa moyo. Chimodzimodzi, sitolo yololedwa kugulitsa mankhwala ochepa okha isadzitche famase, pakuti famase imayenera kukhala ndi katswiri wa zamankhwala wolembetsedwa, amene amapereka mankhwala ofuna kalata ya dokotala. Mawu oti dokotala nawonso asaikidwe pa chikwangwani ngati mwiniwake alibe maphunziro a udokotala, ngakhale kuti kumudzi aliyense wovala chovala choyera amatchedwa adokotala.

Mabungwe oyang'anira ntchitozi alipo. Makiliniki amene si a boma amalandira chilolezo ku Medical Council of Malawi, pamene malo ogulitsa mankhwala amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya boma imene anthu amaidziwa kuti kwa Registrar General, ndipo dzina lofanana ndi lina lolembetsedwa kale limakanidwa. Munthu wanzeru amapita kumeneko ndi mayina atatu kapena anayi, ndipo salembetsa chikwangwani, zidindo kapena malisiti mpaka dzina limodzi litavomerezedwa. Palinso nkhani ya chizindikiro choyenda ndi dzinalo. Mtanda wofiira pa malo oyera ndi wotetezedwa ndi mapangano a ku Geneva a mu 1949, ndipo si wa aliyense wochita bizinesi ya zaumoyo. Mafamase ambiri amagwiritsa ntchito mtanda wobiriwira.

Chitsanzo cha kasankhidwe

Tiyerekeze kuti wachipatala wina ndi namwino akufuna kutsegula kiliniki yaing'ono pa Mponela, m'boma la Dowa. Adzapima malungo, kuthamanga kwa magazi ndi shuga, adzaona ana ndi amayi oyembekezera, koma sadzagoneka odwala. Alemba mayina anayi: Mpumulo, Machiritso, dzina la mfunda la mwiniwake, ndi Tisamalane.

Muyeso woyamba ndi kuika dzina lililonse m'ziganizo zimene anthu adzalankhuledi. Ziganizozo ndi zitatu: mwana tamutengera ku malo akuti, mankhwalawa ndagula ku malo akuti, ndi chovuta chija, agogo amwalirira ku malo akuti. Mpumulo ikugwa pa chiganizo choyamba, chifukwa womva akhoza kuganiza kuti mwanayo watisiya. Machiritso ikugwa pa chachitatu. Dzina la mfunda ndi Tisamalane zikudutsa pa zonse.

Muyeso wachiwiri ndi wa m'tsogolo. Dzina la mwini lili ndi ubwino wake ngati munthuyo ndi wodziwika ndi wokhulupirika m'deralo, chifukwa limasonyeza kuti pali wina woyankha zinthu zikalakwika. Koma limamanga kilinikiyo kwa munthu mmodzi. Iye akachoka kapena akagulitsa bizinesiyo, odwala amaona ngati anamizidwa akapeza nkhope ina. Popeza eni ake ndi awiri, dzina la mmodzi lingathenso kudzabweretsa mkangano. Latsala ndi Tisamalane.

Muyeso wachitatu ndi wa pakamwa. Dzinalo alitchule pa foni kwa munthu amene sanalionepo, kenaka amuuze kuti alilembe. Alitchule kwa wakabaza pa siteji, aone ngati akulibwereza mosavuta. Afunsenso kuti anthu adzalidula bwanji, chifukwa dzina lalitali salitchula lonse, ndipo chidule chake nthawi zina chimatuluka mawu oseketsa kapena otukwana. Dzina la mawu amodzi kapena awiri, losavuta kukuwa pa msewu, ndi limene limapulumuka.

Muyeso wachinayi ndi wa makutu osiyanasiyana. Eni ake afunse mayi wachikulire, wachinyamata, mtsogoleri wa mpingo kapena wa mzikiti, ndi wina wolankhula Chitumbuka kapena Chiyao, popeza pa msewu wa M1 pamadutsa anthu a zilankhulo zambiri. Funso lisakhale loti kodi dzinali ndi labwino, chifukwa mwaulemu aliyense adzavomera. Funso loyenera ndi loti: mutamva dzinali, mungaganize kuti pamalopo pamachitika chiyani? Ngati anthu angapo atchula maliro, asing'anga kapena tchalitchi, dzinalo lasochera. Pa mfundo ya chipembedzo, dzina la woyera mtima limapangitsa ambiri kuganiza kuti malowo ndi a mishoni, ndipo amayembekezera mitengo yotsika ya chipatala cha mpingo. Ngati kilinikiyo si ya mpingo, chiyembekezo chimenecho chimathera m'kukhumudwa pa nthawi yolipira.

Pomaliza ayendere dera lonse ndi kufufuza ngati palibe kiliniki, famase kapena malo a maliro okhala ndi dzina lomwelo kapena lofanana nalo. Mayina ofanana amasocheretsa odwala, ndipo mbiri yoipa ya malo ena imagwera pa malo osalakwa. Zonse zikayenda bwino, chikwangwani chilembedwe ndi zilembo zazikulu, dzina pamwamba, mawu oti kiliniki pambali pake, ndipo m'munsi mukhale nthawi yotsegulira ndi thandizo lenileni lopezekapo.

Malire a dzina

Dzina la Chingerezi si chizindikiro cha ukatswiri, ndipo la Chichewa si chizindikiro cha kuchepa. M'tauni, kumene odwala ena amalipira kudzera m'mabungwe a inshulansi ya zaumoyo, ambiri amaphatikiza mawu a Chichewa osonyeza chisamaliro ndi mawu a Chingerezi otchula mtundu wa malowo. Chofunika n'chakuti wodwala wosadziwa Chingerezi athe kulitchula popanda manyazi.

Dzina limangofikitsa munthu pakhomo ulendo woyamba. Ngati pamalo otchedwa Tisamalane wolandira alendo ndi waukali, m'chipinda muli fumbi ndipo mankhwala anapitirira masiku ake, anthu adzapatsa malowo dzina lawolawo, ndipo limenelo ndi limene lidzafalikire. Choncho mwini kiliniki kapena famase asankhe dzina limene silikumbutsa maliro, silitchula nthenda, silinama za kukula kwa malowo, ndipo likulonjeza chokhacho chimene antchito ake angathe kuchita tsiku lililonse.