Musatumize uthenga umodzi kwa onse

Ndimagulitsa mapampu othirira oyendera dzuwa, ndipo m'kaundula mwanga muli mayina 300. Kale ndinkatumizira alimi onsewa uthenga umodzi, ambiri nʼkungoti zii.

Tsopano ndimafunsa funso limodzi: akuthirira ndi chiyani lero? Amene ali ndi injini ndimawauza za ndalama za petulo zomwe adzapulumutse. Wothirira ndi ndowa petulo samukhudza. Iye akulira msana ndi kuchepa kwa dimba, choncho ndimamuuza kuti pampu imupumulitsa msana nʼkumukulitsira dimba, ndiponso za kulipira pang'onopang'ono akakolola. Makalabu a alimi ndimalembera mlembi wawo, chifukwa nkhaniyo imakakambidwa pamsonkhano.

Gulu likamafunsa mafunso osiyana kwambiri, ndimadziwa kuti ndasakaniza anthu, ndipo ndimaligawanso. Koma sindipitirira magulu anayi. Kupyola apo ndimalephera kuwatsatira bwino.