Mphindi khumi pamaso pa oyesa kafukufuku

Ophunzira ambiri amathera mphindi zisanu akufotokoza mbiri ya vuto, belu n'kulira asanafike pa njira yofufuzira. Chonsecho oyesa anawerenga kale pepala lonse. Chimene akudikira n'kumva ngati ntchitoyo ingatheke.

Tiyerekeze kuti mukufuna kufufuza chimene chimasiyitsa atsikana sukulu ku Mangochi. Vutolo ndi funso lanu zitenge mphindi ziwiri basi. Mphindi imodzi munene zimene ena anapeza ndi pamene anasiyira.

Kenako khazikikani pa njira kwa mphindi zinayi, chifukwa mafunso obaya amachokera apa. Mudzapita kusukulu zingati, ndipo mwazisankha bwanji? Mtsikana amene anasiya kale sukulu m'kalasi mulibemo, nanga mudzam'peza kudzera mwa yani, mfumu kapena gulu la amayi? Popeza ambiri sanakwane zaka 18, nenani mmene mudzapemphere chilolezo kwa makolo. Mukangoti "ndidzafunsa anthu", dziwani kuti cholembera cha woyesa chayamba kuyenda.

Mphindi zitatu zotsalazo n'za kusanthula mayankho, ndalama ndi nthawi. Tchulani nokha chofooka chimodzi, monga misewu yoduka m'dzinja, ndi mmene mudzachilambalalire.