Mzere Umodzi Pakati pa Madontho Asanu

Asayimenti yoyamba imene ophunzira ambiri amapatsidwa akayamba phunziro lophunzitsa kompyuta kulosera zinthu imaoneka yophweka. Mphunzitsi amapereka mndandanda wa manambala a mbali ziwiri, n'kunena kuti wophunzira apeze mzere wowongoka umene ukuyenda bwino pakati pa manambalawo, kenako afotokoze tanthauzo lake. Njira imeneyi imatchedwa liniya rigireshoni. Kupeza mzerewo kompyuta imachita m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo ophunzira ambiri sataya malikisi pamenepo. Amawataya pofotokoza zimene mzerewo ukunena.

Nachi chitsanzo cha manambala ongopeka, ofanana ndi amene amaperekedwa m'kalasi. Pali minda isanu, uliwonse wa hekitala imodzi. Woyamba unathiridwa thumba limodzi la feteleza n'kutulutsa matumba 14 a chimanga. Wachiwiri unathiridwa matumba awiri n'kutulutsa 19, wachitatu atatu n'kutulutsa 27, wachinayi anayi n'kutulutsa 30, ndipo wachisanu matumba asanu n'kutulutsa 35. Feteleza amapatsidwa dzina loti x, zokolola y. Munda uliwonse ukaikidwa ngati kadontho pa girafu, madontho asanuwo amakwera chopita kumanja, ngakhale kuti sandanda ndendende pamzere umodzi.

Popeza palibe mzere umene ungadutse pa madontho onse, pamafunika lamulo losankhira. Lamulo lake ndi lakale ndithu, analisindikiza koyamba Adrien-Marie Legendre wa ku France m'chaka cha 1805. Pa munda uliwonse amayeza kusiyana kwa zimene mzere ukulosera ndi zimene zinakololedwadi. Kusiyanako amakuchulukitsa ndi iko komwe, kuti kupitirira ndi kuperewera zisafafanizane, kenako amaphatikiza zonse. Mzere umene wapereka nambala yochepa kuposa ina yonse ndi umene umasankhidwa.

Ndi madontho asanu, cholembera ndi pepala n'zokwanira. Avereji ya feteleza ndi matumba 3, ya zokolola ndi 25. Munda woyamba uli pansi pa avereji ndi 2 pa feteleza ndiponso ndi 11 pa zokolola, ndipo kuchulukitsa ziwirizi kumapereka 22. Minda inayo imapereka 6, 0, 5 ndi 20, zonse pamodzi 53. Kenako kusiyana kwa feteleza yekha kumachulukitsidwa ndi iko komwe, n'kupeza 4, 1, 0, 1 ndi 4, pamodzi 10. Kugawa 53 ndi 10 kumapereka 5.3, komwe ndi kupendekeka kwa mzere. Poyambira pake pamapezeka pochotsa 5.3 wochulukitsidwa katatu pa 25, ndipo pamatsala 9.1. Choncho mzerewo ndi `y = 9.1 + 5.3x`.

Pa kompyuta, m'chinenero cha Python ndi laibulale ya scikit-learn, ntchito yonseyi imalembedwa motere:

```python
from sklearn.linear_model import LinearRegression
X = [[1], [2], [3], [4], [5]]
y = [14, 19, 27, 30, 35]
m = LinearRegression().fit(X, y)
print(m.coef_, m.intercept_, m.score(X, y))
```

Timabulaketi tozungulira nambala iliyonse ya X n'tofunika. Wophunzira akatiiwala, kompyuta imakana n'kulemba kuti `Expected 2D array, got 1D array instead`, chifukwa imayembekezera tebulo la mizere ndi madanga, ngakhale danga litakhala limodzi lokha. Zikalembedwa bwino, mayankho ake amafanana ndi a papepala aja, 5.3 ndi 9.1, kuphatikizapo nambala yachitatu ya pafupifupi 0.98.

Ophunzira ambiri amakopera manambala atatuwa mu lipoti, n'kulemba kuti zayenda bwino, n'kupereka. Koma wochonga amafuna chiganizo chimene mlangizi wa zaulimi angachimve. Cha 5.3 chiyenera kunena kuti m'minda isanuyi, munda wothiridwa thumba limodzi loonjezera ukuyembekezeka kutulutsa matumba a chimanga pafupifupi 5.3 oonjezera. Mawu oti matumba asasowe, chifukwa feteleza akanayezedwa m'makilogalamu, thumba lililonse la makilogalamu 50, nambala yomweyo ikanakhala 0.106 pa minda yomweyo.

Ndipo chiganizocho chisanene kuti feteleza ndiye wachititsa zonsezi. Mlimi wotha kugula matumba asanu mwina ndi yemwenso amagula mbewu yabwino n'kulemba aganyu opalira nthawi yake. Mzere suona mbewu kapena kupalira, umangoona x ndi y. Pokhapokha mindayo itagawidwa feteleza mwamaere pa kafukufuku wokonzedwa bwino, lipoti lingonena kuti ziwirizi zikuyendera limodzi.

Nambala ya 9.1 ndi yonyenga mwa njira ina. Pamasamu ikutanthauza zokolola za munda wosathiridwa feteleza n'komwe, koma pa minda isanu ija palibe wotero. Ndi malo amene mzere wangofikapo poupitiriza kumanzere. Kuupitiriza kumanja n'koopsa kwambiri: wofunsa za matumba 20 a feteleza auzidwa kuti akolola matumba 115.1. Aliyense amene anagwirako khasu akudziwa kuti chimanga chimafika poti ngakhale uthire wochuluka bwanji sichionjezeranso, mwinanso chimapsa. Mzerewu ungadaliridwe pakati pa thumba limodzi ndi matumba asanu basi.

Nanga 0.98? Imeneyi imatchedwa R², ndipo sikutanthauza kuti kompyuta imalondola ka 98 pa maulendo 100 aliwonse, monga ophunzira ena amalembera. Ikunena kuti pa kusiyanasiyana konse kwa zokolola za minda isanuyi, mzere wakwanitsa kufotokoza magawo 98 pa 100. Komanso yayezedwa pa minda yomwe ija imene mzere unapangidwira, ngati mwana wolemba mayeso amene anaona kale mayankho ake. N'chifukwa chake pa manambala ochuluka ena amawapatula n'kuwasunga kuti adzayesere mzerewo ukatha kupangidwa. Lamulo la `train_test_split` limapatula gawo limodzi mwa magawo anayi ngati silinauzidwe china. Pa minda isanu yokha kupatula kotero sikungathandize kwenikweni, ndipo lipoti loona mtima limanena zimenezi poyera.

Chomaliza kuyang'ana ndi zotsalira, kutanthauza zokolola zenizeni kuchotsapo zoloseredwa. Mzere ukulosera 14.4, 19.7, 25, 30.3 ndi 35.6, choncho zotsalira ndi -0.4, -0.7, 2, -0.3 ndi -0.6. Wapitiriza kumbali zonse ziwiri n'kupereweza pakati. Madontho asanu ndi ochepa kuti munthu agamulirepo, koma maonekedwe omwewa atapezeka pa minda 200, chingakhale chizindikiro choti madonthowo apindika ngati uta, ndipo mzere wowongoka sukuwayenera.

Katswiri wina wa masamu wa ku England, Francis Anscombe, anaonetsa vutoli m'chaka cha 1973. Anakonza magulu anayi a manambala, lililonse la madontho 11, ndipo onse amapereka mzere wofanana, `y = 3 + 0.5x`, ndi R² ya pafupifupi 0.67. Koma akajambulidwa pa girafu, gulu loyamba lokha ndi limene mzerewo umaliyenera. Lachiwiri ndi lopindika. Lachitatu landanda pamzere wina, kupatula dontho limodzi losochera limene lakokera mzere kumwamba. M'gulu lachinayi madontho khumi aunjikana pa x wa 8, ndipo kupendekeka konse kwa mzere kukuchokera pa dontho limodzi lokha limene lili pa 19.