Ndalama za ku Joni zimafunika uthenga wonena zonse

"Ndatumiza kangachepe, muone." Uthenga wotere umafika m'mafoni ambiri kumapeto kwa mwezi, anthu a ku Joni akalandira malipiro. Wolembayo amaona ngati wanena zonse. Koma kumudzi mafunso amayamba pomwepo: zingati, pa nambala ya ndani, za chiyani? Mikangano yambiri ya pachibale pa ndalama za kunja sichokera pa kuba ayi, imachokera pa uthenga wosakwanira.

Vuto loyamba ndi la ndalama ziwiri. Wotumiza amaganiza m'marandi, wolandira amagwira makwacha. Munthu akatumiza kudzera ku Mukuru, Hello Paisa kapena Mama Money, amalipira marandi ndi kachiwongolero ka kampaniyo, ndipo asanalipire amauzidwa makwacha amene adzafike. Chiwerengero chimenecho ndicho choyenera kulembedwa. Mtengo wosinthira umayenda, ndipo nthawi zina umalumpha: mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Komanso achibale amamva mtengo wa osintha ndalama a m'misewu, umene umakhala wokwera kuposa wa kampani. Mukangolemba kuti "R2,000", mlamu wanu awerengetsera yekha pa mtengo wa mumsewu, kenako ayamba kukayikira amene watapa ndalamazo.

Tiyerekeze mnyamata wogwira ntchito ya m'dimba ku Randburg, amene watumiza R2,000 tsiku limene randi imodzi ikupereka K95. Uthenga wake wabwino ungakhale wotere:

"Amayi, ndatumiza K190,000 lero Lachisanu pa 3 Okotobala, pa Mpamba ya achemwali yothera ndi 417. K80,000 ndi fizi yotsala ya mwana, mukalipire pasanafike pa 10. K60,000 mugule chimanga. K40,000 ndi ya aganyu osoza kumunda. K10,000 ndi yotapira ndi transipoti. Zina ndidzatumiza Lachisanu pa 31 Okotobala. Zikafika achemwali andiuze kuchuluka kumene kwaoneka pafoni."

Mukaphatikiza zigawo zinayizo zikukwana K190,000 ndendende, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga angathe kutsimikiza. Taonaninso K10,000 yomalizayo. Ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money sapereka ndalama yonse imene ili pafoni, chifukwa kutapa kuli ndi mtengo wake umene umakula malinga ndi kuchuluka kwa ndalamazo. Ejenti wa kumudzi nthawi zambiri sakhala ndi ndalama zokwanira m'manja, choncho munthu amatapa kawiri, kulipiranso kawiri, kapena amakwera kabaza kupita ku tauni. Wotumiza akaiwala zimenezi, mtengowo umadulidwa pa chimanga, ndipo amene anapita kukatapa ndiye amaoneka wakuba.

Tsiku nalonso lilembedwe lonse. "Lero" ndi "mawa" ndi mawu oopsa kumene foni imatha masiku awiri ili yozima kudikira kutchaja, kapena kumene netiweki imapezeka pachulu pokha. Uthenga wolembedwa Lachisanu ungawerengedwe Lolemba, ndipo "nditumiza mawa" amasanduka ulendo wopanda pake wa gogo kupita kwa ejenti. Lonjezo la "kumapeto kwa mwezi" ndilo loipitsitsa, chifukwa banja limakongola ku golosale kapena ku banki m'khonde podalira tsiku limene palibe analitchula. Ngati bwana sanalipire, kuli bwino kulemba tsiku latsopano kusiyana ndi kungokhala chete.

Ambiri amakonda kujambula mawu pa WhatsApp, ndipo n'zomveka, makamaka kwa makolo amene kuwerenga kumawavuta. Mawuwo atumizidwe ndithu, koma manambala alembedwenso. Pakatha miyezi itatu palibe amene angafufuze chiwerengero pakati pa mphindi zisanu za malonje ndi nkhani za maliro.

Uthenga womveka umatchinganso akathyali. Amene amaba pafoni amatumiza uthenga wofanana ndi wa kampani wonena kuti mwalandira ndalama, kenako amaimba akudandaula kuti alakwitsa nambala, muwabwezere. Ena amalemba ngati mwana wanu yemweyo, kunena kuti wasintha nambala ndipo ndalama zakanirira, pakufunika kulipira kaye kuti zituluke. Banja lodziwa kuti likuyembekezera K190,000 pa nambala yakutiyakuti silinyengeka msanga. Chotsimikizira chenicheni si uthenga wofika, koma kuona nokha ndalama zotsala poimba *444# pa Mpamba kapena *211# pa Airtel Money. Nambala yachinsinsi ya PIN isalembedwe mu uthenga uliwonse, ngakhale wopita kwa amayi anu.

Ngati ndalamazo n'zokatenga pamanja ku ofesi ya kampani, onjezani nambala ya oda imene mwapatsidwa, ndipo muitumize kwa wokatengayo yekha, osati ku gulu la banja lonse. Dzina limene mwalembetsa lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika. Ambiri kumudzi timawadziwa ndi dzina la mfunda kapena la mwana wawo woyamba, ndipo pa kauntala "Nabanda" sangapatsidwe ndalama ngati chiphaso chikunena dzina lina. Funsani kalembedwe kake musanalipire, chifukwa kukonza dzina pambuyo pake kumafuna wotumizayo alumikizane ndi kampani, wokatengayo ali chiimire pamzere.